Khadi la 10 Koloko

Kuchokera ku Nsaru mpaka kutsidya kwa dambo, palibe amene sadziwa wotchi ya a Elifasi. Lamba wake anaduka kalekale, ndiye imakhala m'thumba la malaya, koma ikatuluka ngakhale abambo mfumu amafulumiza mapazi. Zaka makumi awiri akhala akuimba belu la tchalitchi, ndipo sanachedwepo n'tsiku limodzi. Anthu otere ndi abwino, koma kukhala nawo nyumba imodzi, mayo ine!

Dorcas, mwana wawo mmodzi yekhayo, anakwatiwa kutali, kumalire ndi Kabudula. Tsiku limene amayi ake ankatsirizika, mvula inadzaza mtsinje, iye n'kufika thupi litazizira kale. A Elifasi anamuchingamira pakhomo wotchi ili m'manja. "Amako akuitana mpaka mawu kutha. Iwe kuchedwa ndiye khalidwe lako." Dorcas analira maliro, anabwerera kwa mwamuna wake, osapondanso pamudzipo. Zinatha zaka zinayi. Zoti kwabadwa mdzukulu anangozimvera kwa ogulitsa tomato, ndipo kunena zoona, bambowa ankamusowa mwana wawo koopsa. Koma pakamwa pa a Elifasi kuti patuluke "pepa"? Mudikira.

Chaka chino kunabwera maneti a udzudzu. Ulendo wapitawo wogawa maneti anthu onse anafika m'mamawa nthawi imodzi, mpanda wa chipatala unagwa, mayi wina anakomoka padzuwa. Ndiye alangizi a zaumoyo anati ntchito yokonza nthawi ipite kwa mwini wotchi.

Anaigwira bwino, tisawanamizire. Mabanja olembedwa anali 320, matebulo anayi, ndipo munthu mmodzi amatha mphindi zitatu patebulo. Choncho pa theka lililonse la ola pazilowa anthu makumi anayi, osapitirira. Midzi yapafupi anaiika koyambirira, hafu seveni, yakutali kumapeto kuti anthu ayende kutacha. Theka lomaliza analisiya lopanda mudzi, la ochedwa. Banja lililonse linalandiriratu khadi lolembedwa nthawi yake, ndipo wofika msanga azidikira pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi geti pamene a Elifasi aziona makadi.

Polemba makadiwo anapeza dzina la Dorcas. Analemba "10 koloko" mokhotakhota. Kale pamzere wa chipwirikiti uja munthu ankatha tsiku lonse, ndipo mwina mawu akanapezeka. Tsopano, ndi nzeru zawo zomwe, mwana wawo adzadutsa pageti pakati pa anthu makumi anayi, adzalandira neti, n'kutulukira khomo lakuseri. Zaka zinayi, mphindi imodzi! Anaganiza zosintha, koma akanasintha chiyani? Ndondomekoyo inalibe polakwika.

Tsikulo gulu loyamba linalowa mwakachetechete ngati likupita kukalandira Ukaristia. Mkulu wina wanjinga, a Limbikani, anabwera ndi khadi la hafu naini n'kumati ali ndi fodya woti akamange.

"Fodya sathawa, achimwene. Pamango apo," anatero a Elifasi osakweza n'komwe mutu.

Gulu lachiwiri lisanayambe kulowa, dzanja lina linawapatsira khadi. Anaona zolemba zawo zomwe, zokhotakhota zija. Anayang'ana wotchi: mphindi zisanu kuti ikwane 8 koloko. Ndiye anakweza maso.

Anali Dorcas, miyendo yonse mame ndi matope, kamtsikana kali kumbuyo. Ulendo wochokera kwawoko ndi wa maola atatu.

A Elifasi mawu onse amene anakonza zaka zinayi anabalalika, kunangotsala a ntchito. "Mayi, khadi lanuli ndi la 10 koloko."

"Ndikudziwa, bambo. Kuwerenga munandiphunzitsa ndinu."

"Ndiye mudikira maola awiri."

"Eya. Amati odikira amakhala pafupi ndi inu, eti?"

Anamasula mwana uja n'kumuimika pansi. Kamwanako kanayang'anitsitsa nkhalambayo, kenako kanagwira wotchi imene inali lende m'dzanja lawo. Munthu wina aliyense akanakalipiridwa. A Elifasi anangotambasula zala.

"Dzina lake ndani?"

"Modesta."

Linali dzina la malemu mkazi wawo. Kumbuyo anthu a 8 koloko anayamba kung'ung'udza, makadi ali m'mwamba, ndipo a Limbikani anakuwa ali pamango kuti nthawi yakwana. A Elifasi sanamve. Misozi inali itatsikira kale m'ndevu.

Dorcas anayala chitenje pafupi ndi mpando wawo, nakhala pansi.

"Lowetsani anthu, bambo, ine ndilipo. Lero sindinachedwe."