Zala za Alefa wa ku Katondo

Ku Katondo, mkazi amene sanalukidwepo tsitsi ndi Alefa Mwanza ndiye kuti ndi wobwera. Alefa analibe saluni. Anali ndi khonde, mpando, mphasa ndi zala zodziwa ntchito. Makolo ake anachokera ku Petauke kudzagwira ntchito ku njanji, koma iye anabadwira m'Kabwe momwe muno, ndipo anayamba kuluka akadali kamtsikana. Mwamuna wake atamwalira, zala zomwezo ndizo zinalera Tiza, mwana wake mmodzi yekhayo.

Pakamwa ndiye Alefa sankapasunga. Ukangomukhalira pakati pa miyendo ankayamba: "Iwe, mutu uyu unausambika chaka chiti?" Akazi ankaseka mpaka misozi, mwezi wamawa n'kubweranso kudzanyozedwa. Koma mutu umene ankaunyadira unali wa Tiza. Palibe dzanja lina limene linalukapo mutuwo, ndipo Katondo yense ankadziwa lumbiro la Alefa loti tsiku la ukwati wa mwana wake adzamuluka yekha.

Matenda anabwera mwakachetechete. Pamkono panaoneka banga lotuwa, kenako lina pamsana. Alefa anati ndi zikanga, n'kumapaka mafuta ogula pamsika. Silinkayabwa, silinkawawa, nanga chinthu chosawawa ndani amapita nacho kuchipatala? Zaka zinapita. Zala zinayamba kuchita dzanzi, kuyambira kakang'ono kakumapeto, iye n'kumati ndi kutopa.

Oluka ali ndi kachitidwe kawo. Akamaliza kulukira munthu tsitsi logula, nsonga zake amaziviika m'madzi owira kuti zisamasuke. Tsiku lina Alefa akuviika tsitsi la Mutinta, mkazi wogulitsa salaula, zovala za kaunjika, nkhani inali itakoma. Mutinta anatembenuka n'kukuwa.

"Ba Alefa, manja yanu! Simumvela kupya?"

Zala ziwiri zinali m'mbale ya madzi ofuka nthunzi. Alefa anaziyang'ana ngati za munthu wina. Pofika madzulo zinali zitatuluka matuza, koma ululu panalibe, ndipo zimenezo ndizo zinamuopsa.

Ku kiliniki anakumana ndi namwino wina dzina lake Sisita Nkandu. Anamuuza kuti atsinzine, n'kumamukhudza ndi kathonje pamabanga aja. Alefa sanamve kanthu. Namwino anapapasa pachigongono n'kupeza mtsempha wotupa ngati chingwe. Atayeza zonse anamuuza mosabisa kuti ndi khate.

Anamufotokozera bwinobwino. Khate limayamba ndi tizilombo tochedwa kuswana, timene timakhala m'thupi zaka zambiri tisanadzionetse. Timawononga mitsempha imene imatichititsa kumva kukhudza, kutentha ndi ululu. Si kuti zala zimangothothoka zokha: munthu amapsa, amadzicheka osamva, zilonda n'kumadya mnofu. Tizilomboto timatuluka m'mphuno ndi m'kamwa mwa wodwala amene sanayambe mankhwala, ndipo kuti utenge uyenera kukhala naye pafupi nthawi yaitali. Ngakhale apo, matupi a anthu ambiri amatikana tizilomboto.

"Mankhwala yalipo, mitundu itatu pamodzi, osalipila," anatero Sisita Nkandu. "Muzamwa chaka chimodzi. Mukayamba chabe, simungapase muntu. Koma khungu izada, musadabwe. Ndiye nchito ya mankhwala."

Anayezanso Tiza ndipo sanamupeze ndi kanthu.

Zonsezi zinanenedwa m'kachipinda kotseka. Zimene zinayenda m'makwalala a Katondo ndi liwu limodzi lokha lija. Khonde linauma. Akazi amene Alefa anawapapasa mitu zaka ndi zaka anayamba kudutsa kutsidya kwa msewu akuyang'ana m'foni. Pampopi, akangochoka, wina ankatsuka chotsegulira ndi sopo. M'minibasi mpando wa pambali pake unkapita wopanda munthu, m'Kabwe momwe anthu amapanikizana ngati tinsomba ta kapenta m'thumba.

Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero n'chakuti anthu anasokoneza zonse. Nthawi imene Alefa anali ndi tizilombo tamoyo ankamugonera pamaondo. Atayamba mankhwala, pamene sanalinso woopsa, ndi pamene anamuthawa. Khungu litayamba kuda mofiirira monga ananenera namwino, iwo anati taonani, matenda akufalikira thupi lonse.

Tiza anali atatomeredwa ndi Lewis, mnyamata wa ku Railways. Amayi a Lewis anatumiza mawu kuti mtsikanayo akakhale kwa azakhali ake ku Bwacha mpaka ukwati. Tiza anamva yekha zimene namwino ananena, komabe anapita, poopa kuti ukwati ungathe. Ankabwera Loweruka ndi kapenta ndi sopo, n'kuima pageti, atamanga duku kuti mayi ake asaone kuti tsitsi silinalukidwe.

"Mami, muli bwanji?"

"Nili bwino, mwana wanga. Yenda, basi izakusiya."

Alefa anasungulumwa koopsa. Munthu wozolowera phokoso ankatha tsiku lonse osatsegula pakamwa. Nthawi ina anaganiza zosiya mankhwala kuti khungu libwerere, mwina anthu angabwerenso. Sisita Nkandu anamuuza kuti akasiya tizilombo tidzadzukanso, ndipo kuda kwa khungu kumatha kokha akamaliza. Alefa anafunsa chinthu chimodzi, ngati adzamalize ukwati usanafike. Atamva kuti inde, sanaphonyenso tsiku.

M'mawa uliwonse ankaviika manja m'madzi ozizira, kuwapaka mafuta, kuwongola zala, kufufuza zilonda ndi maso poti thupi silinkamuuzanso. Koma mitsempha imene inawonongeka zaka zija za zikanga sinabwerere. Zala ziwiri za dzanja lamanja zinapindika, ndipo zinazo zinali zofooka. Ankayeserera kuluka ulusi atayang'anitsitsa, n'kumadziuza kuti pamutu weniweni zala zidzakumbuka.

Anamaliza mankhwala mvula itangotha. Namwino anamugwira dzanja n'kumuuza kuti wachira.

Kutatsala tsiku limodzi kuti ukwati uchitike, m'mawa, geti linatseguka. Tiza sanaime pomwe ankaima. Analowa mpaka pakhonde, anayala mphasa yekha, anavula duku n'kukhala pansi pakati pa miyendo ya mayi ake.

"Apongozi ako baziba?" anafunsa Alefa.

"Bazaziba mailo, pa ukwati. Niluke, mami."

Alefa anagwira chipeso m'nkhonya n'kudula mzere woyamba. Unawongoka bwino ngati kale. Anatola timitolo titatu ta tsitsi, kupingasa kamodzi, kawiri, kenako tinapulumuka. Anayambanso. Ankaona zala zake zili m'tsitsi la mwana wake, koma sankamva ngati wagwira kapena wataya, ngati akukoka kwambiri kapena ayi. Dzuwa linakwera, mzere umodzi womwewo osatha.

"Manja yanu ni yofunda, mami," anatero Tiza.

"Ine sinikumvela, Tiza. Nikuona chabe."

Anasiya chipeso. Anapesa ndi chikhatho kangapo pamutupo, n'kutola duku lija kuti amumange. Mfundo inamukanika, Tiza n'kuimaliza yekha.

"Yenda ku saluni ya pa steshoni," anatero Alefa. "Ubauze basakoke maningi kutsogolo, mutu wako ni wofewa."

Tiza anapita akulira. Alefa anatsala pampando, manja ali pamaondo. Atayang'ana pansi anaona kachingwe ka tsitsi la mwana wake katakola pakati pa zala zopindika zija, ndipo sanadziwe kuti kakhalapo nthawi yaitali bwanji.