Chitseko cha a Yotamu

Amuna anga, a Yotamu Mbewe, atabwerako ku migodi ya ku Wanki, anaika chitseko chamatabwa panyumba pathu. M'mudzi monse munali zitseko zamapesi zokhazokha, ndipo ine ndinkayenda monyada. Ndikanadziwa!

Mvula ikangoyamba, msewu wathu wopita ku Sinda unkasanduka phala. Lole inkaleka kubwera, ndipo ngolo inkatitimira m'dambo mpaka ng'ombe kugwada. Ndiye munthu akadwala kwambiri, abale ake ankafika pakhomo pathu. "Odi, a Mbewe, tibwerekeniko chitseko." Ankachizula, n'kumangirira mitengo iwiri m'mbali, n'kugonekapo wodwala, ulendo. A Yotamu nawonso ankanyamula nawo, ati mwini chitseko sangatsale. Ankawoloka mitsinje madzi akulekeza m'chifuwa, chitseko chili pamutu, mpaka kumsewu waukulu, kumene ankadikira galimoto yopita kuchipatala ku Katete. Ine kuno ndinkatseka pakhomo ndi mphasa, mvula n'kumawomba ana anga. Ankabwerako mapewa atasupuka, nthawi zina atasenza wodwala yemwe uja, koma atamufunditsa nsalu kumaso.

M'dzinja la 1961 chifuwa chinawagwira a Yotamu eni akewo. Amuna a m'mudzi anabwera n'kuyamba kuzula chitseko. A Yotamu anadzutsa mutu pamphasa.

"Chisiyeni," anatero. "Ndikudziwa mmene munthu amalemerera m'dambo lija."

Ndinawakalipira, ndinalira, koma anakanitsitsa. Chitsekocho chinazulidwabe Loweruka lake. Mmisiri anati matabwa ake akwanira bokosi.