Mbande za Mkamwini

Mwamuna amene ndinkati andikwatira ankagwira ntchito mushopu ya zitsulo ku Blantyre, ine ndili kwathu kufupi ndi Santhe. Poyamba anali munthu wodziwa masiku. Akati akubwera Loweruka, ankatchula ndi basi yomwe akwere, n'kundiuziratu kuti ndimupezere wa kabaza pasiteji. Akafika pa Lilongwe ankaimba, akadutsa pa Mponela ankaimbanso, mpaka ndinkamuuza kuti asunge batire.

Ulendo wake womaliza unali wa mu Seputembala. Abambo anamutengera kudimba n'kumuonetsa nazale ya fodya. Mabedi athu anali pamenepo monga chaka chilichonse, koma kumapeto kunali lina latsopano.

"Ili ndi lanu," anatero abambo. "Munda wake ndi uja wa kuseri kwa chigafa. Mukabwera ndi amalume anu, mvula ikagwa muwokere nokha."

Kwathu mkamwini amalandiridwa choncho. Iye anathokoza ndi manja awiri, n'kuliyang'ana bedi lija ngati mmene munthu amayang'anira samani ya kukhoti. Ine ndinkati ndi ulemu.

Atabwerera ku Blantyre, Loweruka linasanduka "kumapeto kwa mwezi". Kumapeto kwa mwezi kutafika, kunabwera "ntchito ikachepako". Kenako "tiona", ndipo pambuyo pake "Mulungu akalola", ngakhale kuti m'mbuyo monsemo ankakwera basi osafunsa chilolezo kumwamba. Chosokoneza n'chakuti foni sanasiye kuimba. Ankandifunsa ngati ndadya, ankanditcha mayina onse achikondi aja. Koma ndikangoti "liti", netiweki ya ku Blantyre inkadwala.

Nthawi yonseyi wothirira bedi lija ndinali ine, m'mawa ndi madzulo, keni m'manja. Mbande za fodya sizidziwa kuti mwini wake watanganidwa. Zikakula msanga amazimeta masamba kuti zidikire mvula, ndipo abambo anazimeta. Mvula inagwa, anthu anawokera, minda yathu inatha, bedi lake lili chiimire. Abambo anazimetanso. Msuweni wanga ankaufuna munda uja, koma iwo ankangomuuza kuti uli ndi mwini wake.

Ndinakadandaula kwa azakhali anga, amene anakwatiwapo kawiri ndipo salankhula zozungulira.

"Mwina alibe ya thiransipoti," ndinatero.

"Wosowa ndalama amanena tsiku la malipiro," anayankha. "Wotanganidwa akalephera tsiku ili amakupatsa lina. Uyu wakupatsa liti? Umuuze kuti upita ndiwe. Akakondwa, vuto ndi ulendo. Akayamba kutsokomola, vuto si ulendo."

Ndinamuuza. Anatsokomola. Akuti nyumba inali yothina, akuti mnzake wogona naye anali ndi alendo, akuti msewu wa mvula si wabwino. Msewu womwewo wa tala umene ankadutsa iye.

Ndinapsa mtima, ndipo ndinachita mantha. Ndinali nditamumangira kale mkazi wina m'mutu mwanga, woyera, wa wigi. Ndinamuimbira masana, ndili chiimire panazale pomwepo.

"Ndiuzeni zoona. Kuli wina?"

"Kulibe, ndikulumbira." Kenako anafunsa: "Kodi bedi lija abambo akulisungabe?"

"Ndikulithirira pano."

"Ine fodya sindimudziwa. Zodzakhala pamudzi pa eni, kulima munda wopatsidwa, ine sindingathe. Ndimaopa kukukhumudwitsa."

Kunena zoona, mtima unakhala pansi. Fodya ndi mdani wochepa poyerekeza ndi mkazi wa wigi. Ndinamuuza kuti nkhaniyo ndi yaing'ono, chitengwa chiliko, amalume ake akhoza kudzandipempha tikakhale ku Blantyre, ndipo abambo sangamumange chifukwa chokana munda.

"Ingobwerani mudzawauze nokha," ndinatero. "Tchulani tsiku."

Ndinali nditamuchotsera fodya, munda ndi mudzi womwe. Pamsewu wa kwathu panangotsala ine ndekha.

"Chabwino," anatero. "Tiona."

Zinandipweteka kwambiri, kuposa mmene mkazi wina akanandipwetekera, chifukwa panalibenso wina womuloza chala. Ndinamaliza kuthirira, poti madzi ndinali nditatunga kale.

Abambo ndinawapeza akukonza denga la chigafa. Ndinawauza kuti munda uja aupereke kwa msuweni wanga. Sanafunse chifukwa. Anatsika, n'kupita kunazale, n'kuzula mbande imodzi. Tsinde lake linali litalimba ngati kamtengo.

"Zakalamba izi," anatero. "Sizingagwirenso. Ukanandiuza kale, mwanawe."

"Inenso sanandiuze."

Msuweni wanga anadzala soya m'munda uja. Mbande zija tinazizula tonse awiri ndi abambo, n'kuzitaya kudzala. Madzulo ake ndinapezeka ndanyamula keni, ndili kale pakati pa njira ya kudimba.