Udzu wa Kuseri kwa Kalasi

Pasukulupo aliyense ankawatcha a Chikwakwa. Zaka khumi ndi zinayi anakhala akutchetcha udzu, kusesa bwalo ndi kukonza mipopi yodontha. Kaukhondo kawo kanali konyanya: tsamba likangogwa, ankalitola ngati lawatukwana. Panali chinthu chimodzi chokha chomwe ankabisa. Sukulu anaisiyira m'kalasi yachiwiri, ndipo kuwerenga kunawakanika. Pepala likabwera ankangoti magalasi aiwala kunyumba, magalasi oti sanawagulepo chibadwire.

Mwana anali naye mmodzi, wamkazi, wa zaka khumi ndi chimodzi. Mayi ake atamwalira, anamutenga ndi azakhali ake. Chaka chimenecho, a Chikwakwa atachonderera mpaka malovu kuuma, azakhaliwo anawapatsa mwanayo kuti ayese kukhala naye teremu imodzi. Akakonda akhala, akapanda kukonda abwerera. Mwanayo anali waulemu, koma ulemu wake unali wa mlendo. Ankadya mwakachetechete, n'kuthokoza, n'kukagona. A Chikwakwa zinkawapweteka mumtima.

Lolemba lina mwana anabwera ndi kalata ya makolo yochokera kwa aphunzitsi a sayansi, maso ali mwee. Tsiku limenelo ndiye anayankhula, abale. Anati Lachisanu m'mawa kalasi yawo ijambula zithunzi kuseri kwa kalasi, ndipo makolo aitanidwa kudzaonerera. Anafunsa ngati angabwereke foni yawo. Anamupatsa pompo. Kalata ija anaiyang'ana nthawi yokwanira munthu wowerenga, anagwedeza mutu, n'kuipinda m'thumba la ovolosi.

M'kalatamo aphunzitsi anafotokoza zonse. Ana adzajambula tizilombo ta miyendo isanu ndi umodzi, choncho akangaude asawawerengere. Adzayamba m'mawa dzuwa lisanatenthe, pamene tizilombo timakhala tisanayambe kuuluka kwambiri. Kalikonse adzakajambula kuchokera pamwamba ndi cham'mbali, rula ili pafupi kuti kukula kwake kudziwike, osakagwira, osakapha. Kenako adzalemba dzina lake, lomwe makolo angathandize kutchula, ndi chomera chomwe akapezapo. Pansi pa kalata ya a Chikwakwa yokha, aphunzitsi anawonjezera ndi bolopeni kuti chonde udzu wa kuseri usatchetchedwe kapena kupoperedwa mankhwala. Lachitatu atakumana nawo pampopi anawafunsa ngati aona mawu a pansiwo.

"Ndawerenga zonse, aphunzitsi. Musade nkhawa."

Iwo chomwe anamva n'choti kukubwera makolo ndi mafoni, kumalo komwe udzu unafika m'mawondo chifukwa mvula inawapeza akumanga mpanda. Mwana wawo asekedwe kuti bambo ake ndi waulesi? Ayi ndithu. Lachinayi ana ataweruka anatchetcha konse mpaka dothi kuoneka, zinyalala n'kuwotcha. Ataona mavu ndi nyerere, anabereka pampu kumsana n'kupopera paliponse, kuti mwana wa munthu asalumidwe. Anafika kunyumba msana uli wowawa, koma mtima uli m'malo.

M'mawa anavala ovolosi yochapa n'kukaima pakona, kudikira kuyamikiridwa. Ana anatuluka pamzere, marula ali m'manja, makolo ali pambuyo. Atakhota pakonapo phokoso lonse linatha. Panalibe gulugufe kapena chiwala. Fungo la mankhwala linali lidakalipo, ndipo aphunzitsi anauza ana kuti abwerere msanga pakhonde, asagwire kanthu. Mwana wawo yekha anatsalira. Ankayang'ana chitsa cha chitsamba chomwe, monga a Chikwakwa anamva pambuyo pake, panali mbozi yobiriwira imene ankaizonda tsiku lililonse kwa milungu iwiri, ndipo inali itangodzipachika kuti isanduke gulugufe.

Aphunzitsi sanakalipe. Anawatengera pambali n'kuwafunsa motsitsa mawu kuti nanga suja anati awerenga? A Chikwakwa anatulutsa kalata ija. Anayamba kunena za magalasi, koma anasiyira panjira. Aphunzitsi anamvetsa n'kuyang'ana pansi. Mwana naye anali atafika pomwepo, ndipo anamvetsa.

Madzulo kunyumba anayesa kupepesa. Anati udzu umamera, mvula ikagwa kawiri tizilombo tibwerera, ndipo iwo akudziwa mayina ambiri: chiswamphika, tombolombo, nkhululu. Zonsezo zinali zoona. Mwana anawabwezera foni mwaulemu, mulibe chithunzi n'chimodzi chomwe.

"Bambo, mukanangonena. Ine ndikanakuwerengerani."

Mwanayo sanalire. Analira ndi iwo, kubafa, atatsegula mpopi.

Sabata yomaliza ya teremu a Chikwakwa ankasesa pakhonde, zenera la kalasi lili lotsegula. Aphunzitsi ankagawa makalata ena a makolo, onena za tsiku latsopano lojambula teremu ya mawa. Atafika pa mwana uja, a Chikwakwa anamva mawu ake aulemu aja akuti yake angopatsa wina, iye teremu ya mawa adzakhala ali kwa azakhali.