Chipinda Chimene Achimwene Ankachikana

Achimwene atatuluka kundende analibe kopita. Anali dalaivala wa lole, ndipo munthu amene anamwalira pa ngozi yawo anali wa mudzi woyandikana ndi wathu. Khoti linawapeza osalakwa, koma abale a malemu sanafune kumva zimenezo. Anatumiza mawu kwathu kuti akadzangowaona pamsewu wa kumudzi, adzathana nawo okha. Ndiye ndinapempha amuna anga kuti achimwene adzakhale nafe ku Area 43.

Amuna anga ndi ochokera kumpoto, amagwira ntchito m'boma, ndipo sakonda kuti anthu aziwanena. Anavomera, koma ndi nkhope yolimba. Zipinda za m'nyumba zinali zodzaza, ana ndi apongozi anga, choncho chinatsala ndi kachipinda ka kumbuyo kwa khitchini. Pomanga nyumba tinkafuna kuikapo masitepe okwera kumwamba, kenako tinasintha maganizo. Malowo anangokhala choncho, opapatiza, okwana bedi ndi mpando, koma siling'i ili kutali ngati ya tchalitchi. Amisiri anapaka penti wa mafuta wobiriwira kwambiri kuyambira pansi mpaka m'mapewa, kumtunda konse n'kuyeretsa. Chitseko chinali chakuda.

Tsiku loyamba achimwene anaima pakhomo, chikwama m'manja, n'kuyang'ana m'mwamba nthawi yaitali. Anathokoza. Ine ndinayesa achikonda.

Mmawa wina ndinadzuka kukatereka madzi ndipo ndinawapeza pakhonde la kutsogolo, atagona pasimenti, atadzikulunga bulangete mpaka kumutu. Mawa lake chimodzimodzi. Geti lathu ndi la zitsulo zoonekera mkati, ndipo m'mawa anthu ogwira ntchito m'nyumba za kuno amadutsa wapansi m'magulu. Ena ankachepetsa liwiro n'kusuzumira. Posakhalitsa amuna anga anamva kwa aneba kuti pakhomo pathu pakugona munthu wozungulira mutu.

"Mayi, alamu anga ndinawapatsa chipinda," anatero tili m'galimoto popita kuntchito. "Ngati sakuchifuna, anene. Ndikawapezanso pakhonde Loweruka likubwerali, ndiwakweza basi."

"Basi yopita kuti? Mukudziwa zimene zikuwadikira kumudzi."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndikukuuzani lero, osati Loweruka."

Ananditsitsa ku City Centre.

Madzulo ndinawapeza achimwene akuthirira ndiwo kuseri kwa nyumba. Ndinawafunsa chimene chawalakwira m'chipindamo. Anatseka mpopi, n'kukhala pa njerwa.

"Chemwali, musandione ngati wosayamika. Koma mmene mulili muja ndi mmene munalili kundende kuja. Mdima m'munsi, kuyera kumwamba. Ukagona chagada umaona ngati uli pansi pa chitsime, makoma akubwera, kotulukira kuli kutali. Ndikalowa, chifuwa chimandithina."

Ine ntchito yanga ndi yojambula mapulani mu ofesi ya omanga nyumba, ndipo za mitundu ya penti timazikamba tsiku lililonse ndi anthu ofuna kukongoletsa mahotela ndi maofesi. Ndinalowa m'chipindamo, ndinatseka chitseko, n'kugona pabedi. Ndinaona zimene ankanena. Mtundu wakuda umaoneka ngati ukukuyandikira, ndipo unali pamalo pomwe thupi la munthu limakhala. Kuyera kwa kumtunda kunkakankhira siling'i kutali kuposa mmene inalili. Mzere wodula pakati unkauza diso pamene khoma lililonse layambira ndi pamene lathera. Zonse zinali mozondoka.

Lachinayi ndinapempha kuweruka msanga n'kupita ku Old Town, m'mashopu a zomangira pafupi ndi msika. Ndinagula sandipepa, andakoti, tepi, ndi penti wa madzi wa mitundu iwiri. Wa makoma unali woyera wopendekera pang'ono ku buluu, ngati kumwamba kukangocha, chifukwa mtundu wowala ndi wozizira choncho umaoneka ngati ukubwerera m'mbuyo. Wa siling'i unali wofiirira, ngati tiyi wothira mkaka wochepa. Ndinabwereka makwerero aatali kwa amisiri amene ankamanga nyumba ina mumsewu wathu.

Tinayamba ndi kukwecha penti wobiriwira uja. Penti wa madzi sagwira pa wa mafuta wonyezimira, amadzasupuka ngati khungu, ndiye umayenera kuukwecha kaye kenako kupaka andakoti, penti woyamba wothandiza kuti winayo agwire. Ndinkafuna kuitana munthu, koma achimwene anakana. Analowa okha, chitseko chili chotsekula, atamanga nsalu kukamwa. Ankakwecha pang'ono, kutuluka kukapuma, n'kubwereranso. Thukuta linkawatsika ngakhale kunali kozizira. Sindinawafulumize, ngakhale mumtima ndinkangoganiza za Loweruka.

Lachisanu sindinapite kuntchito. Andakoti atauma, ndinakwera makwerero ndi chingwe chopaka choko. Ndinayeza pamwamba pang'ono pa chitseko, malo amene siling'i ya chipinda wamba imakhala, n'kumenya mzere kuzungulira makoma onse anayi, kenako ndinamata tepi. Kuchokera pa mzerewo kukwera mpaka siling'i yeniyeniyo kunayenera kukhala kofiirira konse. Diso likafika pamene mtundu wasintha limakhulupirira kuti khoma lathera pomwepo, ndipo mtundu wofunda, wodera pang'ono, umaoneka ngati watsika.

Ndinali nditapaka theka pamene amuna anga anabwera kudzadya nkhomaliro. Anaima pakhomo la chipindacho, makiyi a galimoto ali m'manja. Penti wauwisi ankanyezimira, ndipo poti makoma a m'munsi anali akadali ndi andakoti wa mawangamawanga, kumwambako kunkaoneka kolemera kuposa mmene ndinkayembekezera.

"Mukuchita chiyani pamenepa?"

"Ndikutsitsa siling'i."

"Munthu akuti akubanika, inu mukumuvundikira? Ndinkayesa muyeretsa monse. Tsikani muone nokha."

Ndinatsika. Sanali kunama. Kuchokera pansi zinkaoneka ngati mtambo wa mvula walowa m'nyumba. Ndinafotokoza kuti kuyeretsa monse kukanakulitsa chipinda, inde, koma kutalika kukanatsala pomwepo, ndipo chimene chikuwaopsa achimwene n'kutalikako. Ndinati tidikire penti aume, makoma nawonso apakidwe. Ndinali nditachitapo zimenezi m'malo odyera ndi m'makonde a maofesi, koma osati kwa munthu amene mtima wake umathamanga akamva chitseko chikutsekedwa.

Achimwene anali atabwera kumbuyo kwa amuna anga osamveka. Anasuzumira, nayang'ana m'mwamba, ndipo ndinaona nkhope yawo ikusintha. Anabwerera chafutambuyo, anagunda chidebe cha madzi otsukira maburashi, madzi n'kumwazika m'khitchini monse. Sanawerame kuti achitole. Anatuluka, ndipo tinamva geti likulira.

"Mwaona?" anatero amuna anga. Sanakweze mawu. Anadya chakudya chawo ataimirira, napita.

Ndinatsala ndekha, rola yopakira penti ili m'manja. Ndinaganiza zothamangira achimwene, koma ndikanawauza chiyani? Ndinaganizanso zofafaniza zonse ndi penti woyera, koma pa penti wauwisi zikanangosanduka matope. Apongozi anga anabwera ndi chikolopa, anapukuta pansi, kenako anagwira makwerero n'kundiyang'ana. Ndinakweranso.

Ndinamaliza kumwamba dzuwa litapendeka, n'kutsikira kumakoma. Ndinapaka mtundu wowala uja paliponse: makoma, chitseko mbali ya mkati, mafelemu a zenera, ngakhale kamzere ka m'munsi kamene amisiri amakonda kukadetsa. Sindinafune kuti pakhale pamene diso lingapunthwe. Katani yolemera imene inalipo ndinaichotsa. Nthawi yonseyi khutu langa linali ku geti. Galimoto iliyonse ikadutsa ndinkaima. Ndinaimba foni ya achimwene, inalira pa mpando wa m'khitchini.

Achimwene anabwera dzuwa likulowa, mapazi ali mbuu. Anati anayenda mpaka ku Area 4 kwa mnzawo wakale wa malole, koma sanamupeze. Sanafunse za chipinda. Usiku umenewo ndinawayalira mphasa m'chipinda chochezera, ndipo amuna anga anadutsa pafupi ndi mphasayo n'kupita kukagona.

Loweruka m'mawa ndinapaka makoma kachiwiri, ndinamatula tepi penti asanaumitsitse kuti mzere usathetheke, n'kutsekula zenera ndi chitseko kuti fungo lituluke. Cha kumasana ndinabwezeretsa bedi. Ndinagonanso chagada. Kufiirira kuja kunali kutasiya kunyezimira, kutakhazikika, ndipo pafupi ndi makoma owala kunkaoneka kofewa, ngati denga la udzu. M'mbali munali mutatakasuka. Chipindacho sichinakule ndi chala chomwe, koma maso anga sankathawiranso kumwamba. Komabe maso anga si amene ankafunika.

Amuna anga anali pabwalo, akutsuka galimoto imene inali yoyera kale. Achimwene anali atalongedza chikwama chawo n'kuchiika pafupi ndi khomo la khitchini. Palibe amene anawauza kutero.

"Achimwene, tangolowani muone," ndinatero. "Mukakana, sindikukakamizaninso."

Anapukuta manja pa thalauza. Anaima pakhomo, phazi limodzi mkati. Sanayang'ane m'mwamba poyamba. Anayang'ana makoma, natambasula dzanja kukhudza limodzi, ngati akufuna kutsimikiza pamene lili. Kenako analowa, anakhala pabedi. Ndinkamva kupuma kwawo kuchokera pamene ndinaima. Anadzutsa mutu pang'onopang'ono. Amuna anga anali atasiya ndowa, ataima kumbuyo kwanga, madzi a sopo akudontha m'manja.

Achimwene anagona chagada, nsapato zili kuphazi. Manja anagwira m'mbali mwa matiresi mwamphamvu. Tinadikira. Kwa aneba wina ankadula kapinga ndi makina, ndipo phokosolo linkabwera n'kupita. Dzanja limodzi linamasuka, kenako linalo.

"Musatseke chitseko," anatero, maso ali m'mwamba.

"Sititseka," ndinayankha.

"Ayi, chichotsedwe," anatero amuna anga. Ndinatembenuka, osadziwa ngati akunyoza. Anapita ku galaja, anabwera ndi sikuludalaiva ndi hamala, n'kugwada pa mahinjesi. "Alamu, dzukani mundigwirire, n'cholemera ichi."

Anachinyamula awiriwo n'kukachitsamiritsa kuseri kwa nyumba. M'malo mwake ndinapachika nsalu yopepuka ya mtundu wa makoma. Masiku oyamba achimwene ankatulukabe nthawi zina kukakhala m'khitchini, ndipo ndinkapeza kapu yawo patebulo m'mawa. Koma pakhonde sanagonenso. Anakhala nafe mpaka mvula inatha, pamene mnzawo uja anawapezera ntchito pa galaja yokonza malole, ndipo anasamukira kumeneko. Chiwongolero sanachigwirenso.