Siginecha Ziwiri za Mkamwini Wanga

Ndinagwira ntchito yosunga katundu m'sitolo ya kampani zaka zambiri, ndipo chizolowezi chosayinitsa munthu sichinandichoke. Anthu kuno ku Chileka amandiseka nacho. Aseke. Ine pepala silinandinamizepo, pomwe anthu a ndevu zawo andinamiza kambirimbiri akundiyang'ana m'maso.

Chaka chomwe mwana wa mlamu wanga ankachita chinkhoswe ku Lirangwe, tinabwereka mipando makumi anayi ndi mapoto akuluakulu atatu ku tchalitchi kwathu. Wonyamula anali mkamwini wanga, mwamuna wa mwana wanga wachiwiri, yemwe ali ndi kalole kake konyamulira mchenga ndi njerwa. M'mawa tisananyamuke ndinalemba katunduyo papepala, iye n'kusayina m'munsi. Siginecha yake ndi yaukhondo: zilembo zopendekera kumanja, kamzere kowongoka pansi. Anthu khumi ndi anayi tinakwera kumbuyo pamodzi ndi mipandoyo. Kutsogolo kunakhala mwana wanga ndi khanda lake la miyezi isanu.

Anatiyendetsa bwino, ndisamunamizire.

Mwambo utafika pakati, nthawi yofupa ija pomwe aliyense maso ali pa lichero, ndinaona kuti amuna achinyamata atha pabwalo. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango. Anali ndi timabotolo ta jini ndi zitini za chakumwa chija chotsekemera chomwe amati chopatsa mphamvu, iwo amangoti enaji. Ankathira zonse mu jagi yapulasitiki n'kumapatsirana makapu. Mkamwini wanga anali pakati, kiyi wa lole akulendewera pa lamba.

“Akamwini, si inu mutibweze madzulo ano?”

“Ndine ndemwe, bambo. N'chifukwa chake ndikusakaniza. Ikakhala yokha jini ija imagwetsa, koma ukathira iyi imadula mphamvu.”

Mnzake wina wa chipewa chotembenuza anawonjezera kuti, “Madala, iyi ndi sayansi. Mowa ukukokera pansi, enaji ikukokera m'mwamba, munthu umakhala pakatikati.”

Onse anaseka, ngati wanena zanzeru.

Sayansi imeneyo ine ndinali nditaimva kale, koma kuchokera kwa munthu woidziwa. Mdzukulu wa mchemwali wanga ndi namwino, ndipo anandifotokozera tsiku lina nditamufunsa za zitini zomwe zadzaza m'ngalande za pamsika. M'chakumwacho muli kafini, yemwe amapezekanso mu khofi, ndi shuga wambiri. Kafini amathamangitsa tulo basi. Mowa womwe walowa m'magazi saukhudza n'komwe. Umenewo chimauchotsa ndi chiwindi, pang'onopang'ono, pa liwiro lake, ndipo palibe chitini chingachifulumizitse. Munthu akamwa mowa wokha, kulemera kwa zikope kumamuuza kuti wakwana. Akasakaniza, chenjezo limenelo salimva. Kutsekemera kumabisanso ukali wa jini, ndiye amamwa wambiri, mofulumira, kwa nthawi yaitali. Maso ali gwa, pakamwa pakuthwa, koma phazi lopita pa buleki likuchedwa chimodzimodzi ndi la chidakwa china chilichonse. Choipitsitsa n'chakuti chidakwa chogona sichipha munthu, koma chidakwa chotsegula maso chimapempha kiyi.

Ndinayesa kunena zimenezi mwachidule. Wa chipewa uja anati, “Madala anaphonya udokotala awa.” Ndinawasiya.

Cha m'ma folo koloko mwambo unatha. Mipando inakwezedwa, amayi anayamba kukwera, akazi anga nawo anakhala pa mpando wawo kumbuyo atafunda chitenje kuopa fumbi. Mkamwini anabwera akuyenda mwamphamvu kuposa m'mawa, akuwomba m'manja, akuitana aliyense kuti bwana. Sankadzandira. Ichi ndicho chinapusitsa anthu. Kwathu kuno woledzera timamudziwa ndi kudzandira ndi kugona m'ngalande. Wina akangoima chilili n'kupereka moni bwino, timati ali bwinobwino.

Ndinapita kwa mlamu wanga, mwini mwambo, n'kumuuza kuti munthuyu asayendetse.

“Alamu, musatichititse manyazi pamaso pa akuchimuna. Taonani mmene akudumphira. Woledzera amatero?”

Mayi wina wa m'kwaya anakuwa ali pamwamba pa lole, “Abambo inu, ana tawasiya okha kunyumba! Mukufuna tigone kuno?”

Mkamwini anamva. Anabwera n'kuima ndi mwendo umodzi patsogolo panga, manja atatambasula, anthu n'kumuwombera m'manja. Bambo wa mwana, kuima ngati kakowa pamaso pa mpongozi wake kuti atsimikize kuti ali ndi nzeru. Ndinatulutsa pepala lija m'thumba la jekete, n'kuliyala pa boneti.

“Chabwino, akamwini. Katundu wakwera yense. Sayinani apa, pansi pa siginecha yanu ya m'mawa, tizipita.”

“Zing'onozing'ono zimenezo, bambo.”

Analandira cholembera mwamatama. Poyamba anachiphonya chivindikiro pofuna kuchiveka kumbuyo kwa cholemberacho, chinagwa pansi, sanachione. Kenako analemba mothamanga, n'kundibwezera akumwetulira. Chilembo choyamba chinali chachikulu ngati dzira. Zotsatira zinakwerana, zina zinasowa, ndipo kamzere kake ka pansi kanadutsa pakati pa dzina n'kukathera pa boneti. Iye sanaone cholakwika chilichonse. Anali wokhutira kwambiri.

Sindinaonetse gulu. Gulu linali litasankha kale. Ndinazungulira n'kupita pa windo lakutsogolo pomwe panali mwana wanga akuyamwitsa, n'kumupatsa pepalalo. Iye amaidziwa siginecha ya mwamuna wake kuposa ine. Anayang'ana ya pamwamba, anayang'ana ya pansi, kenako anayang'ana khanda lija. Anatsegula chitseko n'kutsika.

“Abambo ake a mwana, ndipatseni kiyi.”

“Iwe, nawenso wayamba za madalawa? Ndili fiti ine. Ndikumva bwino kuposa m'mawa.”

“Ndikudziwa kuti mukumva bwino. Ndipatseni kiyi.”

Anamukanira kawiri. Kachitatu mwana wanga anangotambasula dzanja n'kumasula kiyi pa lamba, ndipo mkamwini, munthu wa maso akuthwa uja, anazindikira kiyi ali kale m'chitenje. Akazi anga anatsika kumbuyo osafunsa. Enawo anatsika mmodzimmodzi akung'ung'udza, ndipo mawu onse oipa anali a ine, osati a amene anamwa.

Tinayenda wapansi mpaka pamsewu waukulu, tinakwera minibasi kudutsa pa Lunzu, tinatsika pa Kameza n'kukwera ina ya ku Chileka. Mayi wa m'kwaya uja sanandiyankhule njira yonse. Khanda linagona pa chifuwa cha amake mpaka kufika.

Mkamwini anagona ku Lirangwe. Mlamu wanga anandiuza pambuyo pake kuti anavutika kupeza tulo, mtima ukugunda ngati injini ya chigayo, ndipo m'mawa anasanza kuseri kwa bafa. Lole inafika masana a tsiku lotsatira, mipando yonse ili momwemo.

Mpaka lero iye amauza anzake kuti tsiku lija akanatifikitsa bwinobwino, ndipo ambiri amamuvomereza, poti palibe ngozi inachitika. Kuganiza kwake n'komweko: ngozi yomwe yalepheretsedwa amaiwerenga ngati umboni woti kunalibe choopsa. Ine sinditsutsana nawo. Chomwe ndikudziwa n'chakuti kuyambira tsiku limenelo, akapita kumwambo uliwonse ndi lole ija, kiyi amasunga ndi mwana wanga, ndipo mwamuna wake akangogwira kapu, iye amayamba kufunsa za minibasi.