Bedi Loyandikana ndi Langa

Tinalowa m'chipinda cha opaleshoni tsiku limodzi, ine m'mawa, iye dzuwa litapendeka. Ine anandichotsa chiberekero chifukwa cha zotupa zomwe zinkanditayitsa magazi mwezi ndi mwezi. Iye anamuchotsa chotupa china m'mimba momwemo. Nditatsitsimuka ndinapeza atamugoneka pa bedi loyandikana ndi langa, tonse tili ndi dripi pamkono ndi kapaipi ka mkodzo.

Anali mayi wa ku Misuku, mlimi wa khofi, wamfupi, wamikono yolimba. Ine kwathu n'ku Ntcheu, koma ndakhala pa boma la Chitipa zaka zambiri ndikugulitsa zitenje pamsika. Amuna anga ndiwo amakapikula katundu ku Tanzania, ndipo sabata imeneyo anali komweko. Wondidikirira anali mlamu wanga, mchemwali wawo, munthu wabwino koma wokonda macheza a kukhitchini ya odikirira odwala.

Kutacha, namwino anadzaima pakati pa mabedi athu awiri n'kutiuza zonse pamodzi. Ankayamba m'Chichewa, kenaka n'kubwereza m'Chitumbuka kuti mnzangayo amve bwino.

"Amayi, ululu musaupirire mpaka ukuliritseni. Lero tikubayani jakisoni, mukayamba kumwa tikupatsani mapiritsi, ndipo muzimwa pa nthawi yake ngakhale musanamve kuwawa. Munthu womva ululu sapuma mokwanira, ndiye chibayo chimabwera. Muzikoka mpweya wambiri pafupipafupi. Mukafuna kutsokomola, pindani chitenje, mupanikize pabalapo. Mapazi muziwagwedeza muli chigonere, ndipo lero lomwe tidzuka tiyende, kuopa magazi angaundane m'miyendo."

"Kuyenda lero?" ndinafunsa. "Mimba yong'ambayi?"

"Lero lomwe. Bandeji musaigwire, musainyowetse. Inu a shuga, tizikuyezani pafupipafupi, chifukwa shuga akakwera bala limachedwa kupola."

A shugawo ndinali ine. Mnzangayo analibe.

Nthawi yoona odwala itakwana, analowa mwamuna wake. Anali wamtali, wowonda, atavala jekete lothothoka m'zigongono. Anafunsa namwino kuti iye athandize chiyani, namwino n'kumusonyeza: kumutembenuza mkaziyo cham'mbali, kutsitsa miyendo, kenaka adzuke potsamira chigongono kuti mimba isakokeke. Bamboyo anachita monga anamuuzira. Anakweza botolo la dripi ndi dzanja limodzi, lina atamugwira mkazi wake m'chiuno.

"Pachoko pachoko," ankatero m'Chitumbuka, kutanthauza pang'onopang'ono. "Pachoko pachoko."

Ndinawayang'ana mpaka anakafika pachitseko n'kubwerera. Ine anandidzutsa namwino ndi mlamu wanga. Ndinangofika kumapazi kwa bedi, chizungulire chinandigwira, anandikhazika pansi. Foni inalira. Anali amuna anga, kufunsa ngati ndadzuka bwino, kenaka n'kundiuza kuti zitenje zamaluwa abuluu zija zasowa, atenge zofiira? Ndinawayankha kuti atenge zilizonse, ndinadula.

Kuyambira pamenepo chilichonse cha mayi uja chinkandibaya mumtima. Kapaipi ka mkodzo anayamba kumuchotsa iye. Dokotala ataika chomvetsera pamimba pake anati matumbo ayamba kuyenda. Tinali titauzidwa kuti tizingomwa timadzi pang'onopang'ono, phala lidikire mpaka m'mimba mutadzuka, ndipo chizindikiro chake n'kutulutsa mpweya. Ndikunena zoona, sindinaganizepo kuti ndingamuchitire munthu nsanje chifukwa cha kuphwisa. Koma mayi uja ataphwisa, wodi yonse inaseka, namwino anawomba m'manja, ndipo madzulo ake mwamuna wake anabwera ndi phala la madzimadzi m'kabakuli. Ankaliuzira supuni iliyonse. Ine mimba ili tototo ngati ng'oma, ndikunyowetsa milomo ndi madzi.

"Alamu, mukulira? Ululu?" anafunsa mlamu wanga.

"Ululu," ndinatero.

Anakaitana namwino. Namwinoyo anandifunsa kuti ukuwawa pati, ukuwawa motani, anagwira mimba, anayeza kutentha kwa thupi. Kenaka anatsata kumene maso anga ankayang'ana.

"Mankhwala a ululu nthawi yake yakwana, nawa. Akayamba kugwira ntchito mudzuke. Mpweyawo umatuluka ndi kuyenda."

Ndinadzuka. Chinandidzutsa si mawu a namwino okha ayi. Ndinkafuna kuti pamene mayi uja wafika pachitseko, ine ndifike pakhonde. Akafika pakhonde, ine ndikafike pampopi. Ndinkayenda chowerama, chitenje chopinda ndachikumbatira pamimba, mphepo yozizira ya ku Chitipa ikundiwomba kumaso. Iye sankadziwa n'komwe kuti pali mpikisano. Tikakumana ankamwetulira n'kunena kuti, "Mwawuka uli, amama? Mwalimba lero." Ine n'kuyankha "Yewo" wouma.

Mpweya unatuluka, phala ndinamwa, chifuwa sichinandigwire, miyendo sinatupe. Ndinayamba kuganiza kuti titulukira limodzi. Koma m'mawa wina ndinadzuka thupi likutentha, pabala pakugunda ngati pali mtima wina. Tinali titachenjezedwa kuti tikaona zotere tinene msanga, ndiye ndinanena. Atatsegula bandeji anapeza mbali imodzi yatupa, yafiira, ikuchucha timafinya. Dokotala anamasula ulusi wa mbali imeneyo kuti mafinya atuluke, nalamula kuti azinditsuka tsiku lililonse, andipatse mankhwala opha tizilombo, ndi jakisoni wa shuga chifukwa anali atakwera.

Bala la mnzanga analitsegulanso m'mawa womwewo. Linali louma, laukhondo, ngati msoko wa telala waluso. Anamuuza kuti akhoza kupita kwawo.

Ndinamvetsera malangizo ake onse nditatembenukira kukhoma. Asanyamule zolemera, ndowa kapena mtolo wa nkhuni, kwa milungu isanu ndi umodzi. Adye mazira, nyemba, nsomba, masamba ndi zipatso, amwe madzi ambiri kuti asadzimbidwe. Asambe m'manja asanayandikire bala. Akaona kutentha thupi, mafinya, kusanza, mimba kutupa, mwendo kutupa kapena kubanika, abwere osadikira tsiku la kuchotsa ulusi. Mwamuna wake ankabwereza mawu aliwonse m'chinenero chawo, ndipo pa nkhani ya ndowa anati, "Madzi nditunga ndine." Azimayi a m'wodi anakuwa mokondwa. Ine ndinakoka bulangeti.

Amuna anga anafika tsiku lotsatira, fumbi la m'njira lili m'tsitsi, atanyamula chakumwa chotsekemera chomwe namwino anawabwezera pomwepo. Anaima pafupi ndi bedi manja ali m'thumba. Pa nthawi yotsuka bala anasuzumira, anaona pomwe panali potseguka, anatuluka msanga kukakhala pakhonde. Atabwerera maso anali ofiira. Sindinawafunse. Ndinangoti, "Ndigwireni, ndikufuna kuyenda." Anandigwira molakwika, pamkono ngati akuwolotsa nkhalamba pamsewu, ndipo ankafulumira. Ndinawakalipira. Anachepetsa.

Ndinakhala m'chipatala mpaka bala linayamba kudzaza lokha kuchokera pansi, kenaka ndinkachokera kunyumba kukatsukitsa. Mabelo a zitenje sindinawakhudze. Amuna anga ankakhala okha pabenchi yathu kumsika, ndipo makasitomala ankadandaula kuti sadziwa kusankhira munthu mtundu.

Mayi wa ku Misuku ndinakumana naye patapita miyezi, pamsika pomwepo. Anandizindikira ndiye, nandikokera kuseri kwa zitenje zopachika. Anatsitsa siketi pang'ono kundionetsa chipsera chake, kamzere kakang'ono kosaoneka bwino. Ndinamuonetsa changa, chachikulu, chokhwinyata mbali imodzi. Anachigwira ndi chala n'kunena kuti, "Chapola makora," kutanthauza kuti chapola bwino. Kenaka anatsegula thumba nandipatsa phava la nthochi za kumunda kwawo.

Ndinadya madzulo ndili ndekha, imodzi yokha chifukwa cha shuga, zotsalazo ndinapatsa amuna anga. Inali yokoma kwambiri, ndipo zimenezo zinandinyansanso.